Mwambi Umodzi wa Amayi Changu

Amayi Changu anayamba ntchito ya uzamba m'chipatala chija kalekale, wodi ya amayi isanawonjezeredwe chipinda chachiwiri. Dzina la Changu silinali lobadwa nalo. Analipeza kuntchito komweko chifukwa cha mayendedwe awo. Akamadutsa pakhonde nsapato zawo zinkamveka ngati munthu akuthawa mvula, ndipo okankha machira ankawapatukira asanawaone n'komwe. Sankadikira ketulo kuti awire bwinobwino, tiyi ankamwa chiimirire, ndipo dokotala akachedwa ankakamutenga okha ku ofesi kwake. Tsopano zaka zinali zitakwana zoti apume pa ntchito, ndipo chipatala chinakonza mwambo wotsanzikana nawo m'holo yaing'ono yochitiramo misonkhano.

Wosankhidwa kuyankhula m'malo mwa azamba onse anali Kachete. Dzinali anamupatsa ndi Amayi Changu omwewo pa sabata yake yoyamba, poona kuti mtsikanayo ankayankha mafunso ndi mutu wokha. Panopa anali mayi wa ana awiri, mzamba wodalirika amene ophunzira ankathamangira kwa iye zikavuta, koma dzinalo linamukanirira, manyazinso sanamuthere. Mkulu wa anamwino atamuuza za ntchitoyi, Kachete anayesa kukana. Anati alipo ena odziwa kuyankhula, iye mawu ake samveka ngakhale pa mzere wachiwiri. Mkuluyo anamuyankha kuti chimkuzamawu chidzakhalapo, ndipo palibe wina amene anagwira ntchito pafupi ndi Amayi Changu nthawi yaitali ngati iye.

Tsiku lomwelo Amayi Changu anamupeza akupukuta sikelo yoyezera makanda. Nkhaniyo anali ataimva kale.

"Akuti ndiwe ukandiyankhulire. Chabwino. Koma usakandiike m'manda, ndikadali moyo. Ndipo usakatalikitse, miyendo yanga sifuna mipando ya m'holo muja."

Anatero n'kudutsa, Kachete asanatsegule pakamwa.

Kunyumba Kachete anayesa kulemba, koma chilichonse chinkatuluka chouma ngati lipoti la odwala. Analemba kuti Amayi Changu anali olimbikira, osunga nthawi, ophunzitsa ena. Zonsezo zinali zoona, koma ataziwerenga mokweza anaona kuti akhoza kuzinena za munthu wina aliyense wa m'chipatalamo, ngakhale mlonda wa pageti. Ndipamene anakumbukira mlamu wake, mwamuna wa achemwali ake, amene ntchito yake inali kuyendetsa mwambo pa maukwati ndi m'maphwando a makampani. Anthu ankangomutcha Chimkuzamawu. Munthuyo miyambi inkachita kumutuluka yokha pakamwa, ndipo akaponya umodzi holo yonse inkaseka kapena kuwomba m'manja. Kachete anamulembera uthenga pafoni kuti amuthandize ndi miyambi yabwino yotamandira mayi wamkulu amene akusiya ntchito ya uzamba. Sanafotokoze zambiri. Mlamuyo anali pakati pa ntchito, ndipo anangomutumizira mndandanda wautali ndi mawu akuti asankhepo yekha.

Kachete sanasankhe. Anaitenga pafupifupi yonse n'kuisokerera m'zolemba zake, umodzi poyamba, umodzi pothera ndime iliyonse, iwiri pomaliza. Ataziwerenganso anamva ngati zalemera, ngati zolankhula za anthu odziwa. Loweruka masana ananyamuka kupita kwa achemwali ake kuti akayeserere pamaso pa anthu.

Anawapeza akusita mayunifolomu a ana pabalaza. Mlamu wake anali atagona pampando wautali, nsapato atavula, akupumitsa mmero chifukwa madzulo ake anali ndi ukwati. Atamuona anadzuka n'kuyamba nthabwala zake zachilamu, kuti lero dziko latembenuka, munthu wosayankhula wabwera kudzalanda ntchito ya eni ake. Kachete anaseka, n'kuima pafupi ndi khomo, n'kuyamba kuwerenga.

Poyambirira zinkayenda. Achemwali ake ankavomereza ndi mutu uku akutembenuza kolala ya shati. Kachete anadutsa mwambi wa chala chimodzi, anadutsa wa mutu umodzi ndi denga, anafika pa umene iye ankauona kuti ndi wokoma kuposa yonse, uja wonena za mwana wa mnzako. Anali atalemba theka loyamba lokha, chifukwa ndi limene linkagwirizana ndi uzamba. Atangolitchula, achemwali ake, osadzutsa n'komwe mutu pa simbi, anamalizitsa theka lachiwiri mmene munthu amamalizira nyimbo imene akuidziwa. Theka limenelo limanena za kudzadyerera mwanayo akakula.

Kachete anaima. Anayang'ana pepala, kenako achemwali akewo, n'kukhala pampando wa pafupi.

Mlamu wake anafunsa chimene chavuta. Kachete anafotokoza pang'onopang'ono kuti Amayi Changu analibe mwana wawowawo. Anakwatiwapo, ukwati unatha pa nkhani yomweyo, ndipo kwa zaka zambiri m'chipatala munkayenda manong'onong'o. Ena ankati n'chifukwa chake ndi aukali. Ena ankati amadziphatika kwa ana a eni kuti adzawakumbukire akakalamba. Iwo sankayankhapo, koma ankamva. Tsono iye akakaima kutsogolo n'kunena theka loyamba, holo yonse ikamalizitsa theka lachiwiri mumtima, monga achitira achemwaliwa, ndipo Amayi Changu nawonso akalimalizitsa.

Nthabwala zinamuthera mlamu uja. Anapempha pepalalo, n'kuliwerenga lonse mwakachetechete, chala chikuyenda pamizere. Atamaliza anavomera kuti mbali ina analakwitsa ndi iye, potumiza zinthu asanafunse kuti munthuyo ndi wotani. Anati mwambi sudulidwa pakati pamaso pa anthu oudziwa, chifukwa chimene wasiya iwo amachimva mokweza kuposa chimene wanena. Anamusonyezanso mawu onena za mtengo waukulu amene Kachete anaika kumapeto, n'kumuuza kuti amenewo anthu anazolowera kuwamva pamaliro, ndipo akawamva m'holo ena adzayamba kufunafuna mipango yopukutira misozi mwini wake ali pompo akumwa tiyi. Achemwali anawonjezera kuti wa chala chimodzi uja umathera pa nsabwe, ndipo sakudziwa ngati akuluakulu a chipatala angakondwe kumva za nsabwe pa tsiku lotere. Onse atatu anaseka.

Kachete anafunsa kuti nanga bwanji iyeyo, mlamu, amaponya miyambi motsatizana pa maukwati anthu n'kumakondwa. Mlamuyo anayankha kuti ntchito yake nthawi zambiri ndi yotseka mipata. Mkwatibwi akachedwa kusintha zovala, kapena magetsi akazima, iye amayenera kuti anthu asayambe kuyang'ana mafoni, ndipo pamenepo mwambi uliwonse umagwira. Koma akapemphedwa kunena za munthu mmodzi amene akumudziwa, amasiya zonsezo panja.

"Mlamu, tayesani izi. Chotsani mwambi uliwonse papepalapa, muwerenge chotsalacho. Ngati palibe chasowa, ndiye kuti mwambiwo sumagwira ntchito, umangokhalapo."

Kachete anayesa. Anaphimba woyamba ndi chala, n'kuwerenga. Palibe chinasowa. Anaphimba wachiwiri, chimodzimodzi. Pofika kumapeto anatsala ndi lipoti lake louma lija.

Pamenepo mlamuyo anayamba kumufunsa mafunso. Sanafunse kuti Amayi Changu ali ndi makhalidwe otani. Anafunsa kuti amakhala pati akamadya, amakwiya ndi chiyani, ananenapo chiyani chimene Kachete sanachiiwale. Kachete anayankha zambiri, zoseketsa ndi zina. Ananena mmene ankabwezera wophunzira kukasambanso m'manja ngakhale atasamba kale, akaona kuti wakhudza chitseko. Ananena za tsiku limene ananyamula okha silinda ya mpweya chifukwa wokankha ngolo ankachedwa. Kenaka mlamuyo anafunsa ngati panali chinthu chimene Kachete anachionapo mwa mayiwo chimene anthu ena sachidziwa. Kachete anayamba kusimba za bedi la pawindo.

Zinachitika zaka zingapo m'mbuyomo. Kunabwera mtsikana wamng'ono woyembekezera, wosiyidwa pageti ndi munthu amene sanabwerenso. Anachira bwino, mwana anali wathanzi, koma mtsikanayo anatembenukira kukhoma osafuna kumuona. Sankalira, sankayankhula, chakudya ankangochigwiragwira. Azamba anayesa kumunyengerera, ena kumukalipira, mlangizi anabwera n'kubwerera. Mwana ankamwetsedwa ndi kakapu ku chipinda cha makanda. Aliyense ankayembekezera kuti Amayi Changu akamva afika ndi mkuntho wawo. Koma iwo anangotenga kampando, nthawi yopuma masana, n'kukhala pambali pa bedilo ndi tiyi wawo. Sanamufunse kanthu mtsikanayo. Sanamubweretsere mwana. Nthawi yopuma itatha anadzuka n'kubwerera kuntchito. Mawa lake anachita chimodzimodzi, mkuja wakenso. Anapempha dokotala kuti asafulumire kumutulutsa. Kachete ankawaona akamadutsa ndi thireyi ya mankhwala, munthu amene sankatha kudikira ketulo atakhala phee, akuyang'ana pawindo. Tsiku lina masana anapeza mtsikana uja atatembenuka, akuyankhula motsitsa, Amayi Changu akumvetsera. Madzulo ake mtsikanayo anapempha yekha kuti amubweretsere mwana wake.

Atamaliza kusimba, achemwali anali atazimitsa simbi. Kachete ananena kuti nthawi yonse imene amasimbayi m'mutu mwake mumabwera mwambi umodzi, umene sunali n'komwe pa mndandanda uja, wa nkhono ndi maso ake, wonena za kudekha. Koma anadzitsutsa yekha, kuti anthu akaseka, chifukwa kudekha ndi Amayi Changu n'zinthu zotalikirana.

Mlamu wake anaganiza kanthawi, n'kunena kuti akaunena poyamba, akasekadi. Koma akayamba ndi kuvomereza zimene aliyense akudziwa, kuti mayiwa sadikira, kenako n'kusimba nkhaniyi, mwambiwo ukabwera pambuyo ukanena chinthu chimene anthu sanali kuchidziwa. Anamulangiza kuti asautanthauzire, chifukwa aliyense m'holomo anaumva ali mwana, ndiponso kuti akaunena asawonjezere zambiri, angothokoza n'kukhala pansi. Kachete yekha anawonjezapo kuti za mtsikanayo achotsamo chilichonse chimene chingamuzindikiritse. Satchula chaka, satchula msinkhu wake, ngakhale zoti anasiyidwa pageti. Angonena kuti mayi wina.

Masiku otsalawo ankayeserera m'bafa, m'basi, ndi pamene akuchapa. Mwamuna wake anamvetsera kawiri n'kunena kuti zili bwino, koma azikweza mawu. Pepala linafupika mpaka linakwana tsamba limodzi.

Tsiku la mwambo, holo inadzaza kuposa mmene ankayembekezera. Mipando yapulasitiki inatha, ena anaima kukhoma atavala mayunifolomu awo, okonzeka kuthamangira kuwodi akaitanidwa. Patebulo lakutsogolo panali nsalu yoyera, keke, ndi mphatso zokutidwa m'mapepala owala. Amayi Changu anakhala pakati, atavala diresi yobiriwira imene palibe anaionapo, manja ali pamiyendo, maso akupita ku wotchi yapakhoma pafupipafupi. Kachete anakhala mzere wachiwiri, pepala atalipinda kanayi m'dzanja.

Woyamba kuyankhula anali mkulu wa chipatala. Anali bambo wabwino mtima, wobwera kumene chaka chathachi, ndipo zambiri za Amayi Changu ankazidziwa kudzera m'mafayilo. Anayankhula mwaulemu za zaka za utumiki ndi za makanda osawerengeka amene anadutsa m'manja mwa mayiwo. Kenaka, pofuna kukometsa, anayamba kuponya miyambi. Unabwera wa mawu a akuluakulu, unabwera wa mutu waukulu, unabwera wina wa ulendo. Anthu ankawomba m'manja mwaulemu pa uliwonse, ena akuyang'ana keke. Ndiye, akutsegula tsamba lomaliza, ananena kuti ntchito ya uzamba imafuna mtima wofatsa, n'kutchula mwambi wa nkhono uja, wonse wathunthu.

Kumbuyo wina anaphulika kuseka. Kusekako kunafalikira holo yonse, kopanda njiru, koma kosabisika. Wokankha machira wina anachita kuwerama atagwira pamimba. Mkulu wa chipatala anamwetulira mosokonezeka, osadziwa chimene wanena choseketsa. Amayi Changu anangokweza nsidze n'kuyang'ananso wotchi.

Mwambi wa Kachete umodzi womwewo, umene anausunga sabata yonse, unali utatuluka kale, ndipo unatuluka ngati nthabwala. Anaganiza zoti angosimba nkhaniyo n'kusiya mwambiwo. Anaganizanso zofufuza wina msangamsanga m'mutu, koma yonse imene inkabwera inali ya pa mndandanda uja. Woyankhula wachiwiri, woimira madokotala, ananena zake mwachidule, ndipo Kachete sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Anangomva dzina lake likuitanidwa.

Anaima kutsogolo. Chimkuzamawu chinali chokwera kwambiri, ndipo wina anabwera kudzachitsitsa. Anatambasula pepala, n'kuona kuti mzere woyamba sukugwiranso ntchito mmene unalili. Analipindanso.

"Bwana atanena za nkhono paja, ambiri munaseka," anatero. "Inenso ndikanaseka. Amayi awa sadikira ketulo. Sadikira dokotala. Ine anandipatsa dzina ndisanamalize n'komwe kutchula langa."

Anthu anasekanso, tsopano pamodzi naye, ndipo kusekako kunamupatsa mpata wopuma. Mkulu wa chipatala naye anaseka, atamvetsa tsopano. Kachete anatembenukira kwa iye n'kunena mwaulemu kuti bwana sanalakwitse, kungoti pali chinthu chimene ambiri m'chipindamo sanachione, ndipo iye anachiona.

Anasimba za mayi wina amene anatembenukira kukhoma. Anasimba mosathamanga, mmene anayesererera, osakometsa. Ananena za kampando, za kapu ya tiyi, za nthawi yopuma masana imene munthu wina aliyense akanaigwiritsa ntchito kutambasula miyendo. Ananena kuti iye ankadutsa ndi thireyi ya mankhwala akudabwa kuti kodi mayiwa adwala, poti sanawaonepo atakhala pansi nthawi yaitali chotero. Pamene ankafika pa tsiku limene mayi uja anatembenuka, m'holo munali zii. Amene ankasuzumira mafoni anali atawaika m'matumba. Azamba awiri akale anayang'anana, akukumbukira bedi limenelo.

"Madzulo ake anaitanitsa yekha mwana wake. Palibe anamukakamiza. Tsono mwambi uja tinauseka, ine ndikufuna ndiubwereze."

Ananena mawu awiri oyamba okha. Asanapitirize, anthu anamalizitsa okha, motsitsa, mbali zonse za holo, ena ndi milomo yokha. Palibe anaseka. Kachete anadikira pang'ono, n'kunena kuti azamba onse akuthokoza, akuwafunira mayi awo mpumulo wabwino ndi miyendo yopepuka, ndipo anabwerera pampando wake. Anayamba kuwomba m'manja ndi wokankha machira uja, ena n'kutsatira, ndipo kuwombako kunatenga nthawi.

Itafika nthawi yoti Amayi Changu ayankhepo, anakana chimkuzamawu, n'kunena kuti mawu awo akhala akufika kumapeto kwa wodi zaka zonsezi popanda waya. Anathokoza mkulu wa chipatala, madokotala, ochapa, ophika ndi alonda, aliyense ndi gulu lake. Za nkhani ya Kachete ananena kuti anthu asakhulupirire zonse, masiku amenewo bondo linkawavuta ndipo mpando wa pawindo unali pamphepo yabwino. Holo inaseka. Koma pokhala pansi anatulutsa kampango m'chikwama n'kukhala nako m'manja, ndipo wotchi ija sanaiyang'anenso.

Keke atadulidwa, anthu anamuzungulira Kachete. Mzamba wina wachikulire anamugwira dzanja n'kunena kuti iye anali pa ntchito sabata imeneyo ndipo anali mmodzi mwa amene anamukalipira mayi uja, ndipo lero ndi pamene wamvetsa chimene mnzakeyo ankachita. Ophunzira awiri anafunsa ngati n'zololedwa kukhala ndi wodwala osanena kanthu, poti kusukulu anawaphunzitsa kufunsa mafunso. Kachete anawayankha kuti mafunso ndi ofunika, koma abwere Lolemba akambirane bwino. Mkulu wa chipatala anabwera ndi mbale yake ya keke, n'kumuthokoza kuti wamuwombola. Anati mwezi wamawa kuli kutsanzikana ndi woyendetsa ambulansi, ndipo akufuna adziwe kuti ndani amamudziwa bwino bamboyo, kuti akacheze naye kaye asanalembe kalikonse. Kachete anamutchulira anthu awiri.

Ali pakona anaimbira foni mlamu wake. Mlamuyo atamva kuti mwambi unatuluka kale m'kamwa mwa wina, anadandaula ngati wamenyedwa, ndipo atamva mmene zinathera anati zimenezo iye sakanaziganiza, ndipo kuyambira lero azimuopa mlamu wakeyo. Achemwali anamveka chapatali akufunsa ngati nsabwe zija zinatchulidwa.

Anthu atayamba kubalalika, Kachete anapeza Amayi Changu m'chipinda chosinthira zovala, akutulutsa zinthu m'kabati yawo. Munali nsapato zakale zantchito, sweta, kapu yong'aluka pamlomo, ndi ambulera. Mphatso zinali mulu pabenchi. Kachete anayamba kuzilongedza m'zikwama osafunsa, ndipo mayiwo anamulola.

"Sunandifunse ngati ndikufuna nkhani ija inenedwe," anatero Amayi Changu, osamuyang'ana.

Kachete anavomera kuti sanafunse, ndipo anapepesa. Anati ankaopa kuti akafunsa amukaniza. Mayiwo anati akanamukanizadi, ndipo ulendo wina akadzafuna kusimba za munthu wamoyo pagulu, adzayambe wamufunsa, ngakhale atakhala waukali chotani. Kenaka anatseka kabati, n'kuchotsa kiyi pa mkombero wa makiyi awo, n'kumupatsa kuti akapereke ku ofesi.

"Koma wanena bwino. Sunamuulule mwana wa eni."

Anakhala pabenchi kuti asinthe nsapato, chifukwa zatsopanozo zinkawaluma. Akumasula lamba anafunsa Kachete ngati ankadziwa chimene mtsikana uja ananena poyamba atatembenuka. Kachete anati sankadziwa, ankaganiza kuti mwina anafunsa za mwana. Amayi Changu anapukusa mutu. Anati anapempha chipeso. Tsitsi lake linali litapotana mbali imene ankagonera, ndipo sankafuna kuti mwana wake amuone choncho koyamba. Iwo analibe chipeso, anachita kukabwereka kwa mayi wa pabedi lina, n'kumupesa okha, ndipo zina zonse anazinena akupesedwa.

Ananyamula zikwama, Kachete ziwiri, iwo chimodzi ndi ambulera. Pakhonde anthu ankawaimitsa kuti atsanzike, ndipo iwo ankayankha aliyense mwachidule osaima kwenikweni. Atafika panja, galimoto imene chipatala chinakonza kuti iwaperekeze inali isanabwere, woyendetsa anali atapita kukathira mafuta. Amayi Changu anayang'ana kumsewu, n'kunena kuti basi ikanakhala itawafikitsa kale. Kachete anawakumbutsa za keke wotsala ndi zikwama zitatu. Mayiwo anadandaula pang'ono, kenako anakhala pa benchi ya odikira odwala, n'kumuuza kuti akhale nawo.

Ali pamenepo anamuuza kuti mdzukulu wa mchimwene wawo akukwatiwa miyezi ikubwerayi, ndipo banja lawasankha iwo kuti akayankhule. Anati sanayankhulepo pa ukwati chibadwire, ndipo sakufuna kukachititsa manyazi mwanayo. Anafunsa ngati Kachete angabwere kunyumba kwawo Loweruka lina kuti adzamve zimene akonza, ndipo abwere ndi ana, kuli bwalo loti azisewera. Kachete anavomera. Galimoto inatulukira pageti, ndipo anadzuka kukakweza zikwama.